Matewe a mwana wanga: ndinadikira chaka chathunthu tepi ili m'khosi

Mtsikana wanga anayamba kuyenda ali ndi chaka ndi miyezi 5, anzake obadwa nawo mwezi umodzi akuthamanga kale. Atangoima ndinaona kuti miyendo yake yapanga uta: akakolo akakhudzana, pakati pa mawondo pankatsala mpata woti mpira wa chikulunga udutse. Ndinauza apongozi anga, iwo anangoseka. "Amake mwana, matewe amenewa ndi a kwathu. Bambo ake anali chonchi, lero si awa akuyenda bwinobwino?" Kusikelo nditafunsa anandiyankha chimodzimodzi, kuti ana ambiri amatero ndipo zimatha zokha.

Sanandinamize. Pa msinkhu umenewo yankho lawo linali loona kwa ana ambiri. Chimene palibe anandiuza ndi chakuti kudikirako kuli ndi malire, ndipo pali njira yodziwira ngati ukudikira chinthu chimene chikuchoka kapena chimene chikukula.

Miyendo ya mwana wathanzi imadutsa m'masinthidwe atatu. Khanda limabadwa ndi matewe pang'ono chifukwa cha mmene linapindikira m'mimba, ndipo amaonekera kwambiri likayamba kuyenda, poti limatangadza miyendo kuti lisagwe. Pakati pa chaka ndi theka ndi zaka 2 miyendo imawongoka. Kenako imapitirira mbali inayo: mawondo amayamba kugundana, akakolo n'kutalikirana, ndipo izi zimafika pachimake mwana ali ndi zaka 3 mpaka 4. Zikatero zimachepa pang'onopang'ono mpaka pa zaka 7 kapena 8, pomwe miyendo imakhazikika ngati ya munthu wamkulu. Ndiye kuti matewe pa chaka ndi theka si nkhani, koma matewe omwewo pa zaka 2 ndi theka, makamaka ngati akuwonjezeka, ndi nkhani ina.

Ine ndine telala ku Ndirande. Tepi yoyezera imakhala m'khosi mwanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndimayeza nayo ziuno za anthu tsiku lonse, koma sindinaganizepo zoyeza miyendo ya mwana wanga. Ndinkangoyang'ana ndi maso, ndipo maso a mayi amene amaona mwana tsiku lililonse saona kusintha. Zimenezi zimandiwawabe.

Atakwanitsa zaka 2 zinthu zina zinayamba kuonekera, koma ndinkaziona chimodzichimodzi osazilumikiza. Tikamapita kumsika ankayenda pang'ono n'kukhala pansi, akulira kuti "Amama, ndiberekeni." Ndinkati ndi matama. Podzuka pansi ankayamba wagwira mawondo ake kapena mwendo wa makina osokera. Mayendedwe ake anali opendekera uku ndi uku ngati bakha. Mano ake anachedwa kumera, liwombo linali lisanatsekeke bwino, chipumi chinali chotukuka. Pakhadi la kusikelo kulemera kwake kunali kotsikirapo koma kosachititsa mantha, ndiye palibe anatekeseka. Kutalika kwake ndi kumene kunali kutatsalira, ndipo sitinkakuyang'ana.

Miyezi imeneyi ndi imene ndinataya ndalama. Pasitolo ina ya mankhwala anandigulitsa mankhwala amadzi a mavitamini osakaniza, akuti olimbitsa mafupa. Ndinagula mabotolo anayi motsatizana. Pambuyo pake ndinadzamva kuti vitamini D amene amakhala m'mankhwala oterowo ndi wochepa, wothandiza kupewa osati kuchiza, ndipo kashiamu munalibe n'komwe. Wina anandiuza za nsapato zolimba zofika m'kakolo, ndinakazisaka pa kaunjika ku Limbe. Agogo ake ankamuwongola miyendo ndi mafuta pomusambitsa, usiku n'kumukulunga mawondo ndi chitenje. Mwana ankalira, ife n'kumati ndiye kuti zikugwira ntchito. Kusisita, kumanga, kapena nsapato siziwongola fupa. Kwa mwana amene matewe ake ndi a msinkhu, miyendo ikanawongoka ngakhale popanda zimenezo, n'chifukwa chake anthu amalumbira kuti zimathandiza. Kwa mwana amene mafupa ake ndi ofewa, kukoka ndi kumanga kumangomupweteka. Panalinso onena kuti ndinamupindika miyendo pomubereka kumbuyo. Tonsefe tinakulira kumbuyo kwa amayi athu, chitenje sichibweretsa matewe.

Zinasintha mwangozi. Ali ndi zaka 2 ndi miyezi 7 anadwala chifuwa, ndinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono. Dokotala amene anamuona anamuyeza m'chifuwa, kenako anayendetsa zala m'nthiti mwake pang'onopang'ono. Anagwira dzanja la mwana, n'kulitembenuza, n'kuliyang'anitsitsa.

"Mayi, tabweretsani dzanja lanu. Gwirani apa."

Anaika chala changa polumikizira dzanja ndi mkono, pamene timavala wotchi. Fupa linali lotukuka mbali zonse ngati mwana wavala chibangili mkati mwa khungu. Ine masiku onsewo ndinkati ndi kunenepa kwa ukhanda. Kenako anandigwiritsa m'nthiti, chakutsogolo, mbali zonse ziwiri: timfundo tolimba tondondozana kutsika m'munsi ngati mikanda ya kolona.

"Zikuwawa akazigwira, adokotala?"

"Zimatha kuwawa. Amakana kuyenda?"

Ndinangogwedeza mutu. Pamenepo ndinazindikira kuti zija ndinkati matama unali ululu, ndipo ndinamukalipirapo kangapo panjira.

Anapempha tepi yanga yomwe ija, n'kundionetsa kayezedwe. Mwana aime pansi posalala, wopanda nsapato ndi thewera, mawondo aloze kutsogolo osati m'mbali. Ngati ndi matewe, akakolo akhudzane, ndipo muyeze mpata pakati pa mafupa a mkati mwa mawondo. Ngati mawondo ndi ogundana, mawondowo angokhudzana osapanikizana, muyeze mpata pakati pa mafupa a mkati mwa akakolo. Madokotala ambiri amayamba kukayikira mpata wa m'mawondo ukapitirira masentimita 6, kapena wa mu akakolo ukapitirira masentimita 8. Wa mwana wanga unali masentimita 9. Koma anandiuza chinthu chimene ndimachiona chofunika kuposa nambalayo: kuyeza kamodzi sikunena zambiri, chonena zoona ndi kuyeza miyezi itatu iliyonse n'kumalemba m'buku la kuchipatala, kuti muone kumene mpatawo ukulowera. Kujambula mwana pafoni ataima pakhoma lomwelo kumathandizanso. Ndikanayamba pa chaka ndi theka, ndikanadziwa pofika zaka 2 kuti ukukula.

Anatilembera kalata yotitumiza kwa a mafupa. Kuno ku Blantyre tili ndi mwayi pa zimenezi: ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kuli a mafupa ndi a ana, ndipo chapafupi pomwepo pali Beit CURE, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo ntchito yake yaikulu ndi mafupa a ana. Tengani kalata yotumizira, khadi la kusikelo ndi buku la kuchipatala, chifukwa amafuna kuona mmene mwana wakhala akukulira. Lawirirani, ndipo nyamulani chakudya cha mwana. Kuyambira tsiku la kalata mpaka tsiku lomva zotsatira zonse panadutsa milungu 5 ndi maulendo anayi, ndipo ulendo uliwonse linali tsiku lathunthu makina osokera atakhala chete. Makasitomala awiri a madiresi a ukwati anandithawa. Ndalama ya minibasi inali yochepa poyerekeza ndi zimenezo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anajambula ekisire ya dzanja, pomwe ine ndinadandaula za miyendo. Anajambulanso mawondo. Dokotala wa mafupa anandifotokozera kuti fupa la mwana limakulira kumapeto kwake, pamene pali kachigawo kofewa. Thupi limayala chichereŵechereŵe chatsopano pamenepo, kenako n'kuchiumitsa ndi kashiamu ndi fosifeti, monga mmisiri amathira simenti mumchenga. Simentiyo ikasowa, kachigawo kofewako kamangokulirakulira osauma, n'kuphwasukira m'mbali. Ndicho chotupa cha padzanja ndi timfundo ta m'nthiti tija. Pachithunzi, mapeto a fupa amene amayenera kukhala osalala anali otambasuka, olowa mkati ngati kambale, m'mphepete mwake muli nyenyeswa ngati nsalu yosapinda mpendero. Mwana akamaponda ndi mafupa oterowo amapindika: wina matewe, wina mawondo ogundana, wina miyendo yonse iwiri imapendekera mbali imodzi ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Matenda ake pachipatala amati riketsi.

Anatenganso magazi. Chimene chinakwera kwambiri ndi alikalaini fosifatesi, chizindikiro chakuti mafupa akuvutika kuuma. Anayezanso kashiamu, fosifeti ndi impso. Apa pali msampha: kashiamu wa m'magazi amatha kuoneka wabwino pomwe mwana ali ndi riketsi, chifukwa thupi limamuchotsa m'mafupa kuti magazi asaperewere. Wina akakuuzani kuti kashiamu ali bwino ndiye palibe vuto, ekisire isanajambulidwe, funsaninso. Kuyeza vitamini D weniweniyo m'magazi kunafuna labu yolipira, ndipo mtengo wake unayandikira lendi yanga ya mwezi. Dokotala anati tikhoza kuyamba mankhwala popanda kuyezako, chifukwa chithandizo chake chimaphatikiza vitamini D ndi kashiamu zonse ziwiri. Sitinayeze.

Ndinamufunsa funso limene aliyense amafunsa: dzuwa lonseli la ku Malawi, mwana angasowe bwanji vitamini D? Iye anandibwezera mafunso awiri, loti mwana amaswera kuti ndi loti amadya chiyani.

Ankaswera m'shopu mwanga, kachipinda ka zenera limodzi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Sindinkamulola kutuluka chifukwa cha njinga za kabaza ndi ngalande ya pakhomo. Nyengo ya chiperoni ndinkamuveka juzi, chipewa ndi masokosi, kungotsala nkhope. Khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa mwachindunji, ndipo kuwala kodutsa pagalasi la zenera sikuthandiza. Khungu lakuda ngati lathuli limafunanso nthawi yotalikirapo padzuwa.

Koma chachikulu chinali chakudya. Ndinamuletsa kuyamwa ali ndi chaka ndi miyezi 2 nditazindikira kuti ndili ndi pakati pena, monga akuluakulu amalangizira, ndipo sindinaike mkaka wina m'malo mwake. Kuyambira pamenepo chakudya chake chinali phala la mgaiwa la shuga, tiyi wopanda mkaka, nsima ndi msuzi wa nyemba kapena masamba pang'ono. Tikagula usipa ndinkamuchotsera mitu ndi minga yonse poopa kuti imutsamwitsa, n'kumupatsa kamnofu kokha. Ndinkataya gawo lenileni limene mafupa ake ankalifuna. Mwana wopitirira chaka amafunika kashiamu woposa mamiligalamu 500 patsiku, ndipo akamapeza osafika 300 amakhala pangozi ya riketsi ngakhale dzuwa likumuwomba. Kapu imodzi ya mkaka, ya mamililita 250, imapereka pafupifupi mamiligalamu 300. Chimanga chili ndi kashiamu wochepa zedi, ndipo m'gaga wake muli zinthu zina zimene zimagwira kashiamu m'matumbo kuti asalowe m'thupi. Mgaiwa si woipa, koma paokha sumanga fupa. Mwana wanga ankakhuta tsiku lililonse, n'chifukwa chake sindinaganizepo kuti akusowa chakudya.

Anamulembera vitamini D mayuniti 3,000 patsiku kwa masiku 90, ndi kashiamu mamiligalamu 500 patsiku, womwa pakudya. Mlingo umenewu unali wa msinkhu wake ndi zotsatira zake. Musautengere kwa mwana wanu popanda dokotala, chifukwa vitamini D wochuluka amakweza kashiamu m'magazi mopitirira muyeso n'kuwononga impso, ndipo makanda ali ndi mlingo wawo wina.

Apa ndinalakwitsanso kawiri. Mapiritsi a kashiamu atatha mwezi woyamba ndinakagula ena otchipa pasitolo ina, olembedwa 300 pabotolo, n'kumamupatsa awiri patsiku ndikuganiza kuti ndapitirira 500. Dokotala ataona botololo anagwira mutu. Nambala ya pabotolo nthawi zambiri ndi kulemera kwa piritsi la mankhwalawo, osati kashiamu weniweni amene alimo. Aja anali kashiamu lakiteti, ndipo piritsi la mamiligalamu 300 limakhala ndi kashiamu weniweni pafupifupi mamiligalamu 40 okha. Oyamba aja anali kashiamu kaboneti, amene piritsi la mamiligalamu 1,250 limapereka 500. Milungu itatu yathunthu mwana ankalandira osafika 100 patsiku. Mukamagula, tengani botolo lakale, ndipo mufunse kuti kashiamu weniweni ndi wochuluka bwanji pa piritsi limodzi.

Kulakwitsa kwachiwiri kunabwera ndi chimwemwe. Patangotha milungu ingapo mwana anasiya kulira panjira, anayamba kudzuka yekha osagwira kanthu, tsiku lina ndinamupeza akuthamangitsa nkhuku ya aneba. Ndinati wachira, ndipo ndinayamba kudumphitsa masiku. Ululu umatha msanga, fupa limauma mochedwa. Pa ekisire ya miyezi itatu panaoneka mzere woyera kumapeto kwa fupa, kusonyeza kuti kuuma kwayamba, koma magazi anali asanatsike mokwanira, ndipo anatiwonjezera nthawi ya mankhwala. Atamaliza anamusiya pa mlingo wochepa wa vitamini D, mayuniti 600 patsiku.

Kunyumba ndinasintha zinthu zochepa koma tsiku lililonse. Kapu ya mkaka kapena chambiko, ndalama ikavuta theka m'phala. Usipa, bonya kapena matemba ndimaziuma pang'ono pamoto, n'kusinja zonse ndi mitu ndi minga yomwe mpaka ufa wosalala, n'kusefa, ndipo ndimathira supuni imodzi kapena ziwiri m'phala kapena m'ndiwo zake. Ukasinja bwino palibe chotsamwitsa. Ndimawonjezera ufa wa masamba a chammwamba, ndi dzira likapezeka. Ndinagwirizananso ndi mayi wogulitsa tomato pafupi nafe kuti mwana azisewera ndi ake panja m'mawa uliwonse, manja ndi miyendo zili pamtunda.

Chimene palibe anandikonzekeretsa ndi kuchedwa kwa miyendo. Ndinkaganiza kuti mankhwala akatha miyendo iwongoka. Patatha miyezi 6 tepi inati masentimita 8, ndipo ndinalira m'shopu ndekha. Apongozi anati, "Mwaonatu, amake mwana, a kumtundu sachizika." Koma mankhwala amangoumitsa fupa, chowongola ndi kukula, ndipo kukula kumatenga nthawi yake. Patatha chaka mpata unali 5. Patatha zaka 2 unali 2, ndipo munthu wosadziwa sangaone kanthu. Dokotala anali atandichenjeza kuti si ana onse amawongoka okha: ana aang'ono amakhala ndi mwayi waukulu, koma wopezeka mochedwa kapena wopindika kwambiri amafunika opaleshoni. Ina ndi yaing'ono, yoika kachitsulo mbali imodzi ya pokulira fupa kuti mbali inayo ikule n'kuwongola mwendo pang'onopang'ono, ndipo imatheka pokhapokha mwana akukulabe. Ina ndi yodula fupa n'kuliwongola, mwana n'kukhala m'chikhakha milungu ingapo. Zonsezi amayamba adikira kuti riketsi ipole, chifukwa fupa lofewa limapindikanso.

Pamzere wodikira ndinaphunzira kuti si matewe onse oipa amene ali riketsi. Panali kamnyamata konenepa bwino, koti kanayamba kuyenda msanga, manja ake osatupa, magazi ake abwino. Mwendo wake umodzi unapindika mwadzidzidzi pansi penipeni pa bondo, ndipo akaponda bondolo linkakankhikira kunja. Ake anali matenda a Blount, pomwe mbali ya mkati ya pokulira fupa la msongolo imasiya kukula bwino. Amenewo mkaka ndi mavitamini sizichiza, ndipo kuchedwa kumawonjezera kupindika. Palinso riketsi yotengera kumtundu, pomwe impso zimataya fosifeti mumkodzo. Imeneyo siimva mlingo wamba wa vitamini D, ndipo nthawi zambiri kholo kapena achibale ena amakhala aafupi ndi amatewe. Choncho mawu oti "ndi a kwathu" si chifukwa chokhalira pansi, nthawi zina ndiwo chifukwa chopitira kuchipatala. Matenda a impso, komanso fupa limene linathyokapo kapena kuchita mafinya pafupi ndi bondo, zimathanso kupinditsa mwendo. Chofanana pa zonsezi n'chakuti sizitsatira ndondomeko ya msinkhu ija: mwendo umodzi umaposa unzake, kapena mpata umakula m'malo mochepa, mwana amatsimphina, amamva ululu, kapena ndi wamfupi kwambiri kuposa anzake. Ndipo mwana wa zizindikiro za riketsi akakomoka, kapena manja ake akauma n'kupindika okha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kashiamu wa m'magazi akhoza kukhala atatsika kwambiri.

Mchimwene wake, uja ndinali naye pakati, atakwanitsa zaka 3 mawondo ake anayamba kugundana, akabudula akutha pakati pa ntchafu. Mtima unagunda. Ndinamuimika pakhoma lomwe lija, ndinavula tepi m'khosi: masentimita 5 pakati pa akakolo, miyendo yonse mofanana. Ndinagwira m'manja mwake, mosalala. M'nthiti mulibe timfundo. Amathamanga tsiku lonse osadandaula, ndipo kutalika kwake pakhadi kuli pamzere. Ndinalemba nambalayo ndi tsiku lake m'buku, patatha miyezi itatu ndinayezanso, inali 5 yomweyo. Ameneyu ndikudikira, ndipo ndidzamuyezanso mwezi wa mawa.